Wotchi pamkono, foni kunyumba: kodi nyimbo zilira ku Malingunde?

Loweruka m'mawa anthu ena a mumzinda wa Lilongwe amalawira kulunjika ku Malingunde, kudera la madamu a Kamuzu, kukathamanga kapena kupalasa njinga m'misewu yafumbi. Ena amatenga msewu wa Mitundu kukakwera phiri la Bunda. Ambiri mwa iwo safuna kunyamula foni, chifukwa imalemera m'thumba la kabudula, imanyowa ndi thukuta, ndipo ikagwa pamwala kapena ikabedwa munthu amataya ndalama zambiri komanso manambala onse a abale.

N'chifukwa chake ena amagula wotchi yamakono, poganiza kuti akaivala pamkono adzamvera nyimbo ulendo wonse foni ili kunyumba. Koma n'kutheka munthu kuwononga ndalama zake, n'kudzazindikira ali kale m'mbali mwa damu kuti wotchiyo yangoti zii. Kawirikawiri wotchi imakhala isanawonongeke. Imakhala kuti ilibe kumene ingatenge nyimbozo.

Pali njira zitatu zimene wotchi imaimbira nyimbo, ndipo ogulitsa ambiri amazitchula ndi mawu amodzi.

Yoyamba ndi pamene wotchi imangolamula foni. Nyimbo zili mufoni, mawu akuchokera mufoni, wotchi ikungogwira ntchito ya rimoti: kuimitsa, kudumpha nyimbo, kukweza mawu. Mawotchi otchipa amene amagulitsidwa m'misika ndi m'mashopu ang'onoang'ono, kuphatikizapo aja ooneka ngati a makampani otchuka, ambiri amathera pomwepa. Amalumikizana ndi foni kudzera pa Bluetooth, yomwe mphamvu yake imafika mamita 10 kapena kuposerapo pang'ono. Munthu akangotuluka pageti foni ili patebulo, chithunzi cha nyimbo pawotchi chimatsala chokongoletsa chabe.

Yachiwiri ndi pamene wotchi imakoka nyimbo pa intaneti nthawi yomweyo pamene munthu akumvera, zomwe achinyamata amati kusitirima. Apa wotchi iyenera kukhala ndi njira yakeyake yofikira pa intaneti. Yachitatu ndi pamene nyimbo zidatsitsidwa kale n'kusungidwa m'wotchi momwemo, kotero kuti sipafunikanso netiweki iliyonse. Kwa munthu wopita ku Malingunde, njira yachitatuyi ndiyo yodalirika, ndipo chifukwa chake chimaoneka bwino munthu akamvetsa chimene chimalepheretsa yachiwiri.

Chimene chimatsekereza kusitirima

Wotchi imafika pa intaneti popanda foni kudzera pa Wi-Fi kapena pa netiweki ya mafoni. Wi-Fi ndi ya m'nyumba ndi mu ofesi, siitsatira munthu kumsewu. Yotsala ndi netiweki ya mafoni, ndipo apa ndi pamene ogula ambiri amapunthwa.

Mawotchi a Apple ndi a Samsung amabwera m'mitundu iwiri. Wina ndi wa Bluetooth ndi Wi-Fi basi, wina uli ndi LTE, kutanthauza kuti ungathe kulumikizana ndi nsanja za mafoni paokha. Koma mawotchi a LTE amenewa alibe polowetsa simukhadi. Amagwiritsa ntchito eSIM, yomwe ndi simukhadi yomangiriridwa m'kati, ndipo kampani ya mafoni ndiyo iyenera kuitsegula. Pa Apple Watch, kampaniyo imayenera kukhala pa mgwirizano wapadera ndi Apple, ndipo nthawi zambiri iyenera kukhala yomweyo imene foni ya mwini wotchi imagwiritsa ntchito. Apple imasindikiza mndandanda wa makampani oterewa dziko ndi dziko. Vodacom ya ku South Africa ilipo. Wogula wa kuno ayenera kuyamba wayang'ana ngati TNM kapena Airtel Malawi ili pamndandandawo asanapereke ndalama yowonjezera ya LTE, chifukwa kupereka eSIM ya foni ndi nkhani ina, kutsegula eSIM ya wotchi ndi nkhani inanso.

Izi zimakhudza kwambiri anthu amene amalandira mawotchi kuchokera kwa abale a ku Joni. Wotchi imene inkaimba ndi kulandira mafoni payokha ku Johannesburg ikafika ku Lilongwe, mwini wake watsopano n'kuika simukhadi ya kuno mufoni, imasanduka wotchi wamba ya Bluetooth ndi Wi-Fi ngati kampani ya kuno siikuizindikira. Mawu akuti LTE amatsala pabokosi.

Pali mtundu wina wa mawotchi, okulirapo ndi olemerako, amene kwenikweni ndi timafoni ta Android tomangirira pamkono. Amenewa ali ndi polowetsa simukhadi wamba, choncho munthu akaikamo simukhadi yolembetsa ndi kugula bandulo, amasitirimadi. Vuto lawo ndi batire. Kukoka nyimbo pa netiweki, kutumiza mawu ku mahedifoni ndi kulemba njira pa GPS nthawi imodzi kumamaliza batire laling'ono mofulumira. Ndipo kumene netiweki yafooka, monga m'zigwa ndi kuseri kwa mapiri, chipangizo chimawonjezera mphamvu pofunafuna nsanja, batire n'kumatha msanga koposa. Mlongoti wa m'wotchi ndi waung'ono kuyerekeza ndi wa mufoni, moti pamalo pamene foni ikugwirabe pang'ono, wotchi ikhoza kukhala itataya kale.

Malo osungira: masamu ake

Funso limene ogula amafunsa kwambiri ndi lakuti wotchi ingasunge nyimbo zingati. Yankho limatengera zinthu ziwiri, kukula kwa malo ndi kulemera kwa nyimbo iliyonse.

Apple Watch Series 3 yopanda LTE ili ndi magigabaiti 8. Series 4 ili ndi 16, kuyambira Series 5 mpaka Series 8 ndi 32, pomwe Series 9 idafika pa 64. Galaxy Watch4, Watch5 ndi Watch6 za Samsung zili ndi magigabaiti 16, Watch7 ili ndi 32. Manambalawa ndi a pabokosi. Gawo lalikulu limadyedwa ndi dongosolo loyendetsa wotchi ndi mapulogalamu obwera nayo, kotero malo enieni otsala amakhala ochepa. Pa Apple Watch munthu amaona otsalawo akalowa pa Settings, kenako General, kenako About, pa mzere wolembedwa Available.

Kulemera kwa nyimbo kumatengera mlingo wa mawu. Spotify, yomwe idayamba kugwira ntchito m'Malawi mu February 2021, ili ndi milingo monga 96, 160 ndi 320, manambala osonyeza makilobiti amene amadutsa pa sekondi. Pa mlingo wa 160, mphindi imodzi imadya megabaiti 1.2, kotero nyimbo ya mphindi zinayi imalemera pafupifupi mamegabaiti 5. Pa mlingo wa 320 kulemerako kumawirikiza kawiri.

Mwachitsanzo, mayi wina wa ku Likuni akufuna kuthamanga ndi kuyenda kwa maola awiri ndi theka ku Malingunde. Nyimbo 40 za mphindi zinayi iliyonse zimukwanira, chifukwa zikupanga mphindi 160. Pa mlingo wa 160 zidya mamegabaiti 192, pa mlingo wa 320 zidya 384. Ngakhale wotchi yake itatsala ndi gigabaiti imodzi yokha, ingalandire nyimbo pafupifupi 200 za mlingo wa 160. N'zoonekeratu kuti pa mawotchi atsopano malo sindiwo vuto lalikulu, ndipo munthu amene akulipira ndalama zambiri chifukwa cha magigabaiti 64 pofuna kungomvera nyimbo pothamanga akugula nkhokwe ya chimanga cha mudzi wonse pomwe ali ndi thumba limodzi.

Masamu omwewa akuonetsanso ubwino wina. Mamegabaiti 192 aja amalipiridwa kamodzi potsitsa. Wositirima amawalipira Loweruka lililonse ngati nyimbozo zikukokedwa mwatsopano.

Pamene malo amavutadi ndi pa mawotchi akale a kaunjika. Series 3 ya magigabaiti 8 idatchuka ndi vuto lodzaza moti eni ake ankakakamizika kuifufuta yonse kuti ilandire dongosolo latsopano, ndipo Apple idasiya kuipatsa dongosolo latsopano pa watchOS 8. Mapulogalamu a nyimbo akamasinthidwa, wotchi yotere imatsalira pang'onopang'ono.

Mawotchi a othamanga a Garmin ali ndi khalidwe lawolawo. Amene dzina lake lili ndi mawu akuti Music, monga Forerunner 245 Music, sasitirima n'komwe. Amatsitsa nyimbo kudzera pa Wi-Fi n'kusunga, ndipo kampaniyo imati 245 Music imasunga nyimbo zofika 500. Forerunner 245 yopanda mawu akuti Music imangolamula foni. Kusiyana kwa mawu amodziwa n'kosavuta kukuphonya pogula wotchi yogwiritsidwapo kale ntchito.

Malire amene saoneka pabokosi

Malire enieni a nyimbo zotsitsa amaikidwa ndi kampani ya nyimbo, osati ndi wotchi. Pa Spotify, kutsitsa nyimbo kumafuna akaunti yolipira ya Premium. Akaunti imodzi imaloledwa kutsitsira pa zipangizo zisanu, ndipo wotchi imawerengedwa ngati chipangizo pachokha. Wina akatsitsira pa chachisanu ndi chimodzi, nyimbo zimachotsedwa pa chipangizo chimene chatenga nthawi yaitali chisanagwiritsidwe ntchito. M'mabanja momwe akaunti imodzi imayenda pa foni ya bambo, ya mayi, ya ana ndi pa kompyuta, wotchi imene imangogwira ntchito ya nyimbo kamodzi pa sabata ndiyo imayamba kulandidwa.

Lamulo lina ndi la masiku 30. Chipangizo chiyenera kufika pa intaneti kamodzi m'masiku amenewa kuti kampani itsimikize kuti mwini akaunti akulipirabe. Wotchi ikakhala m'kabati mwezi wathunthu, mwina m'nyengo ya dzinja pamene misewu ya ku Malingunde yadzaza matope, nyimbo zimakana kulira ngakhale mayina ake akuonekabe. Chimodzimodzi mwezi wolipira ukatha osalipiranso.

Nyimbo za MP3 zilibe malamulo amenewa. Izi n'zofunika kwa Amalawi chifukwa nyimbo zambiri zakale za kuno, makwaya a m'mipingo ndi maulaliki zimayenda pa WhatsApp ndi m'mamemole khadi, ndipo si zonse zimene zili m'mapulogalamu akunja. Pa Galaxy Watch munthu amazitumiza kuchokera mufoni kudzera mu pulogalamu ya Galaxy Wearable, pa gawo la Manage content. Pa Garmin amalumikiza wotchi ku kompyuta ndi chingwe chake chochajira n'kuzikopera kudzera mu Garmin Express. Pa Apple Watch njira yake ndi yaitali: nyimbo ziyenera kulowa kaye mu pulogalamu ya Music ya iPhone kudzera pa kompyuta, kenako n'kusankhidwa mu pulogalamu ya Watch kuti zipite kuwotchi. Nyimbo imene yangofika pa WhatsApp siidumphira yokha kuwotchi.

Wotchi ndi foni yake

Ngakhale wotchi imene ingathe kuyenda yokha imafuna foni pa tsiku loyamba, ndipo siivomera foni iliyonse. Apple Watch imatsegulidwa ndi iPhone basi. Munthu amene ali ndi Tecno, Itel kapena Samsung sangaitsegule ndi foni yakeyo. Galaxy Watch4 ndi zotsatira zake zimagwira ndi mafoni a Android okha, sizigwira ndi iPhone. Garmin imagwira ndi mitundu yonse iwiri.

Wotchi imodzi imamangirirana ndi foni imodzi pa nthawi. Banja silingabwerekane Apple Watch monga limabwerekanirana ambulera, chifukwa kuisamutsira ku iPhone ya munthu wina kumafuna kuifufuta yonse, ndipo nyimbo zotsitsidwa zimapita pamodzi ndi zina zonse. Mawotchi a Samsung adayamba kulola kusamukira ku foni yatsopano popanda kufufuta mu 2023, koma njirayo ndi ya mwini wake yemweyo amene wasintha foni, si yobwerekana.

Msampha woopsa kwa ogula za kaunjika ndi loko wa Apple wotchedwa Activation Lock. Ngati mwini wakale sadachotse wotchi pa akaunti yake, idzafuna dzina ndi pasiwedi ya munthu ameneyo pa nthawi yoitsegula, ndipo kuifufuta sikuchotsa lokoyo. Njira yodzitetezera ndi kuilumikiza ku foni ya wogula pamaso pa wogulitsa mpaka itamaliza kutseguka, ndalama zisanachoke m'manja.

Kulumikiza kwina kumene anthu amaiwala ndi kwa mahedifoni. Mawotchi ambiri a masewera alibe sipika, ndipo Apple Watch zisanafike Series 10 za mu 2024 sizinkalola nyimbo kulira pa sipika yake. Choncho pamafunika mahedifoni a Bluetooth, ndipo ayenera kulumikizidwa ku wotchi mwachindunji, pa Settings ya wotchiyo, osati ku foni. Mahedifoni otchipa ambiri amagwira chipangizo chimodzi pa nthawi, ndipo akayatsidwa amathamangira chimene adalumikizana nacho komaliza. Munthu akawayatsa m'nyumba foni ili pafupi, amagwira foni, wotchi n'kumaoneka ngati yakana. Mankhwala ake ndi kuzimitsa Bluetooth ya foni kaye, kenako kuyatsa mahedifoni.

Mawu akamadukaduka pothamanga, nthawi zambiri chifukwa chake ndi thupi la munthuyo. Mafunde a Bluetooth sadutsa bwino m'madzi, ndipo thupi ndi madzi ambiri. M'nyumba mafundewo amagunda makoma n'kufika kukhutu mozungulira, koma pamtetete ngati pamsewu wa kudamu palibe chowabweza. Pa mahedifoni ena mbali imodzi yokha ndiyo imalandira mawu n'kupatsira inzake, moti kusamutsira wotchi kumkono wa mbali imeneyo kumathetsa vutolo.

Lachisanu madzulo

Kwa mayi wa ku Likuni uja, ntchito yonse imachitika usiku wa Lachisanu. Amaika wotchi pa chaja, chifukwa kutsitsa kumadya batire ndipo mawotchi ena amachedwetsa kapena kukana ntchitoyi batire likachepa. Amailumikiza ku Wi-Fi, chifukwa nyimbo zikamadutsa pa Bluetooth kuchokera mufoni zimayenda mwaulesi kwambiri.

Ngati panyumba palibe Wi-Fi, foni ikhoza kugawira wotchi intaneti ngati hotisipoti. Koma mawotchi ambiri, kuphatikizapo a Garmin ndi Apple Watch zakale kufika Series 5, amangoona Wi-Fi ya 2.4 GHz, saona ya 5 GHz. Hotisipoti ikapanda kuoneka pawotchi, mwini foni ya Android asinthe mlingowo pa gawo la hotisipoti, ndipo wa iPhone yatsopano ayatse Maximize Compatibility. Wi-Fi ya m'mahotela ndi m'malo odyera, imene imafuna munthu alembe dzina pa tsamba asanalowe, mawotchi ambiri saitha.

Kenako amasankha mndandanda wa nyimbo 40 zija n'kulamula kuti utsikire kuwotchi, osati kufoni. Apa anthu ambiri amasokoneza: chizindikiro chosonyeza kuti nyimbo zatsika mufoni sichinena kanthu za wotchi. Magetsi akazima pakati pa ntchito, Wi-Fi n'kuduka, mndandanda umaoneka wathunthu koma nyimbo zotsika zili khumi zokha.

Njira yotsimikizira ndi imodzi. Azimitse foni kotheratu, azimitse Wi-Fi ya pawotchi, avale mahedifoni, kenako aimbe nyimbo yoyamba, ina yapakati ndi yomaliza. Kungoika foni pa Airplane mode sikokwanira, chifukwa mafoni ambiri amasiya Bluetooth ili yoyaka ndipo wotchi imapitiriza kudalira foni mobisa. Pa Apple Watch, kachizindikiro kofiira ka foni yodulidwa ndi mzere ndiko kamasonyeza kuti wotchi yatsaladi yokha. Nyimbo zitatuzo zikalira pamenepo, zidzaliranso ku Malingunde. Mayeso omwewa ndi amene wogula angachite m'shopu: wogulitsa azimitse foni, wotchi iimbe.

Chotsatira ndi batire. Garmin imati Forerunner 245 Music imatha maola ofika 24 ikamalemba njira pa GPS pokha, koma maola 6 okha ikamalemba njira uku ikuimba nyimbo. Manambalawa ndi a wotchi yatsopano. Ya zaka zinayi, imene batire lake latopa, siingafike pamenepo. Maola awiri ndi theka a mayi uja akukwanira ngati wanyamuka wotchi itadzaza, koma munthu woyenda tsiku lonse m'nkhalango ya Dzalanyama ayenera kusankha pakati pa nyimbo ndi mapu a njira yobwerera. Mahedifoni nawo ali ndi batire lawo, ndipo nthawi zina ndiwo amayamba kufa.

GPS imagwira ntchito popanda netiweki chifukwa wotchi imangolandira zizindikiro za masetilaiti, moti mtunda ndi liwiro zidzalembedwa bwinobwino. Izi zimapusitsa ena kuganiza kuti wotchiyo ikulumikizana ndi anthu. Wotchi yopanda LTE yotsegulidwa siingaimbe foni, siingatumize uthenga, ndipo siingauze aliyense pamene mwini wake ali. Ntchito ya Garmin yodziwitsa abale munthu akagwa imadalira foni yomwe ili pafupi. Munthu akabinya bondo pamtunda wa makilomita asanu kuchokera pamene wasiya galimoto, alibe njira yoitanira wa kabaza kapena yomulipira pa Mpamba kapena Airtel Money.

Amene amathamanga pagulu amathetsa izi pogwirizana kuti mmodzi anyamule foni. Wothamanga yekha angathe kutenga kafoni ka mabatani kokhala ndi simukhadi yachiwiri, komwe n'kopepuka, batire lake limatha masiku, ndipo sikakopa akuba. Ndalama ya pepala yokwanira kabaza imalowa m'kathumba ka kabudula. M'misewu ya kumeneko, momwe njinga zamoto, ngolo ndi ng'ombe zimatulukira kumbuyo mosayembekezeka, khutu limodzi liyenera kutsala lotsegula, ndipo mwini mahedifoni ayambe wayesa kunyumba ngati mbali imene akufuna kuvala imalira payokha inzake ili m'kabokosi.